Thandizeni: madeti ndi manambala a foni asokonekera nditasintha Excel kukhala JSON

Membala wobisa dzina: Moni nonse. Ndine mlembi wa banki m'khonde ya anthu 28 ku Area 25. Msuweni wanga anatipangira apu yoti aliyense aziona masheya ndi ngongole yake pafoni, anangoti ndimupatse zonse mu JSON. Panopa ali ku Joni, mauthenga amawerenga koma sayankha, chonsecho ndalama yothokoza tinamupatsa. Msungichuma wathu naye wayamba kuyankhula ngati ndadya ndalama ndine, pomwe ntchitoyi ndimagwira ulere ndipo bandulo ndimagula ndekha. Ndasintha fayilo ya Excel ija kukhala JSON koma apu ikukana kutseguka. Manambala a foni ziro woyamba wasowa. Madeti ena akuoneka 45355, ena "25/04/2024". Tikugawana ndalama Loweruka likubwerali. Ndipange bwanji?

Mjomba wa Makodi: VUTO NDI EXCEL. Ndakhala ndikunena pagulu pano, ndalama za anthu sizisungidwa mu sipuredishiti. Koma poti mwafika kale pamenepa, ikani chilichonse m'kati mwa " " chikhale mawu, basi. Palibe ziro amene angasowe.

Nachisale_Dev: Achimwene, musanachite chilichonse: mwasintha ndi chiyani fayiloyo? Nanga apu ikamakana ikulemba chiyani? Popanda ziwirizi tizingolosera. Ndipo a Mjomba, zoika zonse m'mawu zithandiza pa foni pokha. Masheya akakhala mawu, pali makodi ena amene "15000" ndi "5000" amangozilumikiza n'kutulutsa 150005000 m'malo mwa 20000.

Mjomba wa Makodi: Ndiye wolemba apu asinthe yekha m'kati mwa kodi. Ndi ntchito yake imeneyo.

Nachisale_Dev: Wolemba apuyo ndi amene ali ku Joniyo.

Bambo a Tadala: Ife gulu lathu linatha chifukwa cha zomwezi. Mlembi anati laputopu yafa, ndalama za chaka chonse osaoneka mutu wake. Mpaka lero mayi a kunyumba safuna kumva za banki m'khonde. Lembani m'kope abale, kope silifuna magetsi.

Chikondi M.: Gulu lanulo chiwongoladzanja ndi zingati? Mumalandira anthu ochokera ku Area 49?

Membala wobisa dzina: Mayi Nachisale, apu ikulemba `type 'String' is not a subtype of type 'int'`. Kope lilipo bambo, koma msungichuma analitenga ndipo sitikuyankhulana bwino.

Nachisale_Dev: Uthengawo ndi wa Flutter, chida cholembera maapu. Ukutanthauza kuti penapake apu imayembekezera nambala koma yapeza mawu, ndiye malangizo oika zonse mu " " angowonjezera moto. Ndikukayikira kolamu ya ndalama. Ngati wina analemba K15,000 ndi dzanja, chilembo K chija chimapangitsa Excel kuona ngati ndi mawu. Pambali lembani `=ISNUMBER(D2)` n'kukokera pansi. Paliponse pamene patuluke FALSE, lembaninso 15000 yokha, popanda K, popanda koma.

Za foni n'zosavuta. Nambala ya foni sitiiphatikiza kapena kuichotsera, choncho iyenera kukhala mawu. Excel inaiona ngati nambala wamba n'kutaya ziro wakutsogolo. Manambala athu a m'manja ali ndi madijiti 10, ndiye mu kolamu yatsopano lembani `=TEXT(B2,"0000000000")`, ziro abwerera. Samalani ndi amene analembedwa kuyambira 265, amenewo muwakonze pamanja. Mzere umodzi wabwino uzioneka chonchi:

```json
{"foni": "0999000000", "masheya": 15000, "tsiku": "2024-04-03"}
```

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi madeti.

Mjomba wa Makodi: Madeti palibe nkhani. 45355 ndi mmene Excel imawerengera masiku kuyambira 1900. Chotsanipo 25569, chulukitsani ndi 86400, mwapeza masekondi a Unix. Ana a masiku ano simudziwa zimenezi.

Nachisale_Dev: Masamuwo ndi olondola a Mjomba, koma apereka tsiku lolakwika mwaukhondo. Taonani: 1 Januwale 2024 mu Excel ndi 45292. Ndiye 45355 ndi 4 Malichi 2024. Funso n'lakuti, gululi linakumanadi pa 4 Malichi? Ndikuganiza kuti munthu analemba 03/04/2024 kutanthauza 3 Epulo, koma kompyuta yake inatcheredwa mwa Chimereka, mwezi kutsogolo. Inawerenga 03 ngati Malichi, 04 ngati tsiku. Ikanamva bwino ikanasunga 45385. Umboni ndi "25/04/2024" uja: kulibe mwezi wa 25, ndiye Excel inalephera kumva n'kungomusiya ngati mawu. Ndiye kuti madeti opitirira pa 12 ali bwino koma ndi mawu, pomwe a pa 1 mpaka 12 ndi manambala koma atembenuzika. Otembenuzikawo ndi oopsa chifukwa apu siidzadandaula, idzangowerengera munthu chiwongoladzanja cha mwezi wina wowonjezera.

Mphatso wa ku Zomba: Kkkkk ndiye wina abweza ngongole asanakongole.

Bambo a Tadala: Mwaona? Kope.

Kondwani_Data: Ine zinandichitikira pa kafukufuku wina, koma langa linali vuto la nthawi. Ndinasunga tsiku ngati pakati pa usiku nthawi ya kuno, pulogalamu n'kulisinthira ku UTC. Ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye 3 Epulo anakhala 2 Epulo 22:00. Mafomu onse anabwerera m'mbuyo ndi tsiku limodzi, abwana n'kumati sitinapite kumudzi tsiku limene tinanena. N'chifukwa chake masekondi a Mjombawo sindiwafuna pa chinthu chimene ndi tsiku chabe. JSON ilibe mtundu wa deti, ndiye lembani mawu, chaka-mwezi-tsiku, osaikapo ola.

Mjomba wa Makodi: Masekondi ndagwiritsa ntchito zaka zambiri sanandivutepo. Vuto ndi anthu osadziwa, osati masekondi. Ndipo ndalama muzisunga m'matambala, K15,000 ikhale 1500000, chifukwa madesimo pakompyuta amanama.

Kondwani_Data: Pa matambala mwanena zoona, 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004. Koma apuyi inalembedwa kale. Akaika 1500000 pomwe imayembekezera makwacha, aliyense aoneka ngati ali ndi masheya ochuluka ka 100.

Nachisale_Dev: Eya, zimenezo asasinthe popanda mwini kodi. Angoonetsetsa kuti chiwongoladzanja chisatuluke ngati 1500.5 ngati apu ikufuna `int`, nambala yopanda madesimo, apo ayi uthenga wofanana ndi uja ubweranso. Achimwene, mukakonza madeti onse kukhala enieni, `=TEXT(C2,"yyyy-mm-dd")` ikupatsani maonekedwe aja. Koma sindikudziwa ngati msuweni wanu analemba apu kuti iziwerenga choncho. Anakusiyirani chitsanzo cha JSON? Ndipo simunandiyankhebe, mwasintha ndi chiyani?

Membala wobisa dzina: Ndinaika pa webusaiti ina yaulere yosinthira mafayilo. Chitsanzo sanasiye. Gulu timakumana Lachitatu lililonse. Miyezi yoyambirira ankalemba ndi msungichuma pa laputopu yake, ine ndinayamba mu Juni pa yanga.

Kondwani_Data: Mayina, mafoni ndi ngongole za anthu 28 mwazipereka pa webusaiti yosadziwika mwini wake? Amenewo awuzeni anzanuwo.

Mjomba wa Makodi: NDINANENA INE.

Nachisale_Dev: Lachitatulo likuthandizani. 3 Epulo 2024 linali Lachitatu, pomwe 4 Malichi linali Lolemba, ndiye 45355 uja watembenuzikadi. Lembani `=WEEKDAY(C2)` pa madeti amene ndi manambala. Lachitatu limatuluka 4, ndipo mzere uliwonse wotulutsa zina muukayikire. Koma musatembenuze kolamu yonse kamodzi, chifukwa malaputopu ndi awiri ndipo mwina yanu inkamva bwino. Komanso deti lotembenuzika likhoza kugwera Lachitatu mwangozi, ndiye kuyesaku sikugwira onse. Mizere ya Januwale mpaka Meyi muyenera kuifananiza ndi kope.

Membala wobisa dzina: Kope ndi lomwe lili kwa msungichumalo. Ndiyesa kudzera kwa atcheya mawa m'mawa. Nanga Loweruka likafika apu isanatseguke, ndingawerenge kuchokera mu Excel momwemo?

Chikondi M.: Za Area 49 zija simunandiyankhe.