Dashibodi ya Lolemba: manambala akukana kugwirizana

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Lolemba lililonse mnyamata amene anatikonzera webusaiti amanditumizira fayilo ya CSV yochokera ku Google Analytics, ine n'kumakopera manambala mu Google Sheets kuti abwana aone. Ndikufuna dashibodi yoti izisintha yokha. Koma china chandizunguza mutu: ndikaphatikiza Active users a masiku 7 ndikupeza 1,260, pomwe lipoti la sabata yomweyo likunena 840. Ndalakwitsa pati?

Wa ku Area 25: Achemwali, musavutike ndi mafayilo. Looker Studio ndi yaulere ndipo imalumikizika mwachindunji ndi Google Analytics. Mphindi khumi basi mwamaliza.

Wa ku Zomba: Ndinayesa achimwene, koma akauntiyo ili m'manja mwa mnyamatayo. Ine ndimangolandira fayilo.

Wa ku Limbe: Tiyambe ndi 1,260 uja. Simunalakwitse masamu, koma anthu saphatikizidwa choncho. Munthu akalowa pa webusaiti Lolemba, n'kubweranso Lachitatu ndi Lachisanu, pa mizere ya tsiku ndi tsiku amaoneka katatu, pomwe pa lipoti la sabata ndi mmodzi. Ndiye 420 owonjezerawo ndi obwerezabwereza. Views mutha kuphatikiza, palibe vuto. Koma nambala ya anthu iyenera kubwera yowerengedwa kale ya sabata yonse, m'fayilo yakeyake, n'kukhala pa tsamba lakelake.

Za a ku Area 25 ndi zoona, pemphani akupatseni chilolezo cha Viewer, n'chokwanira. Ndipotu akauntiyo ndi ya bungwe, si ya mnyamata. Podikira zimenezo, tsegulani foda imodzi pa Google Drive, iye aziponya fayilo mmenemo. Mu Google Sheets mukhale tsamba limodzi losungira deta yosakhudzidwa, mzere umodzi tsiku limodzi, ndipo munthu asalembemo ndi manja. Kasikiripiti ka Apps Script kaziwerenga fayilo yatsopano ndi Utilities.parseCsv, n'kudumpha mizere yoyamba ndi #, chifukwa fayilo ya Google Analytics imayamba ndi timizere tofotokoza mitu ya makolamu isanafike. Kokadzutsa Lolemba lililonse ndi aka, ngati fankishoni yowerenga fayiloyo mwaitcha lowetsaCSV:

```
ScriptApp.newTrigger('lowetsaCSV')
  .timeBased()
  .onWeekDay(ScriptApp.WeekDay.MONDAY)
  .atHour(10)
  .create();
```

Kayendetseni kamodzi kokha. Mukabwereza, zodzutsa zikhala ziwiri ndipo mizere ilowa kawiri.

Wa ku Mzuzu: Ife timagwiritsa Excel, Get Data kenako From Folder, mafayilo onse amalumikizana bwinobwino. Kungoti laputopu ikazima chifukwa cha magetsi, palibe chimasintha mpaka wina adine Refresh All. Yanuyo imafuna kompyuta yoyaka?

Wa ku Limbe: Ayi mayi, imayendera pa maseva a Google, kaya kwanu kuli mdima.

Wa ku Zomba: Ndapanga dzulo, zalowa! Koma mavuto awiri. Masiku akuoneka ngati 20250310 ndipo tchati chikuwatenga ngati nambala wamba. Chinanso, Views za Lamlungu zinali 95, lero mnyamata uja akuti pa sikirini yake ndi 130.

Wa ku Limbe: Choyambacho n'chapafupi. Ikani kolamu B yosandutsa nambalayo kukhala tsiku, ndi C yopeza Lolemba la sabatayo, ndipo kasikiripiti kaziika mafomulawa pa mzere uliwonse watsopano:

```
=DATE(LEFT(A2,4),MID(A2,5,2),RIGHT(A2,2))
=B2-WEEKDAY(B2,3)
```

Dashibodi izisanja ndi kolamu C, masabata onse aziyamba Lolemba.

Chachiwiri ndiye chimapweteka ambiri. Google Analytics imatha kutenga maola 24 mpaka 48 isanamalize kuwerenga, choncho fayilo yotulutsidwa Lolemba m'mawa imakhala ndi Lamlungu losakwanira. Muuzeni azitulutsa masiku 14, osati 7. Kasikiripiti kakapeza tsiku lomwe lilipo kale, kazilemba pamwamba pa mzere wakalewo m'malo mowonjezera wina pansi. Potero 95 uja adzasanduka 130 sabata yamawa. Poyesa ngati zikuyenda, werengani mizere: pakatha masabata 4 ikuyenera kukhala 35, chifukwa fayilo yoyamba ya masiku 14 idzafikitsa mizere pa 14 ndipo zitatu zotsatira zidzawonjezera 7 iliyonse. Mukapeza yoposa 35, ikubwereza.

Wa ku Area 25: Nanga bwanji osangosamutsira lipoti Lachitatu? Manambala akhala atakhazikika.

Wa ku Zomba: Msonkhano wathu ndi wa Lolemba masana, abwana sangausunthe.

Wa ku Mzuzu: Ndiye pamwamba pa dashibodi pazioneka tsiku lomaliza lomwe lili m'deta, `=MAX(Deta!B:B)` ngati tsamba la deta mwalitcha Deta. Ife zinatichitikira, munthu wotumiza fayilo anapita kumaliro, ndipo tinapereka manambala akale kwa opereka thandizo masabata awiri osadziwa.

Wa ku Zomba: Ndaika, zikomo mayi. Mnyamata uja ndamulembera za Viewer, sanayankhebe. Nanga mafayilo a tsamba lathu la Facebook alowe m'foda yomweyi? Makolamu ake ndi osiyana kwambiri.

Wa ku Limbe: Foda ina, tsamba lina. Tumizani kaye mzere wa mitu yokha tione mmene akulembera tsiku.