Chithunzi chikukula ndi kusawoneka bwino mu Word: ndapeza chifukwa

Ndinafunsa kuti: “Ndikajambula zapasikilini n'kuika mu Word, bwanji chithunzi chimakula kwambiri n'kumaoneka mwachimbuuzi?”

Nkhani yagona pa Scale, yomwe imakulitsa zonse zooneka pasikilini ya kompyuta. Laputopu yanga ili pa 150%, ndiye bokosi looneka ngati la madontho 400 m'lifupi limajambulidwa ndi madontho 600. Word ikawerenga madontho 96 pa inchi, chithunzicho chimafika mainchi 6.25, pomwe ine ndimayembekezera 4 ndi pang'ono.

Ndinatsegula Size and Position ya chithunzicho mu Word n'kulemba 67%, poti 400 ndi pafupifupi 67% ya 600. Chinabwerera pamsinkhu wake.

Chimbuuzi chija chinali cholakwa changa, ndimakoka chithunzi pakona kuti chikule, madontho n'kumatambasuka. Ndinachongaponso Do not compress images in file, pa File, Options, Advanced, chifukwa Word imafinya zithunzi ikamasunga.