Rekonsiliyeshoni ya kumapeto kwa mwezi ikundijombetsa kalasi ya madzulo

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili pa intenishipu ya miyezi 6 mu ofesi ya akaunti, ndipo ndimaphunzira madzulo Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi, kuyambira 5:30 mpaka 8:00. Timaweruka 4:30, ulendo wa kusukulu ndi mphindi 40. Masiku wamba zimatheka, koma mwezi ukamatha ndiye mavuto. Mwezi watha anandipatsa rekonsiliyeshoni ya banki, ntchito yofananiza kashibuku ndi sitetimenti ya kubanki, mizere pafupifupi 300. Ndinaipereka 4 koloko, abwana n'kuibweza 4:20 kuti kashibuku ndi sitetimenti zikusiyana ndi 270. Ndinatuluka 7 koloko, mawa lakenso chimodzimodzi. Temu ino ndajomba kale kanayi, ndipo kusukulu kwathu ukajomba kasanu ndi kamodzi sulemba mayeso.

Yamikani: Achemwali, pirirani basi, miyezi 6 si zaka. Ine ndinkatsala kuntchito, ndikafika kunyumba n'kukopera manotsi a mnzanga mpaka 1 koloko usiku. Ndinakhoza.

Tadala: Manotsi ndili nawo achimwene. Chondiopsa ndi rejisitala, munthu sangakusayinire.

Anaphiri: Mwanangu, ndakhala ndikuyang'anira ophunzira ntchito kwa zaka zambiri, ndiye ndikuuze zimene ndikuona. Ntchito ya mwezi wathunthu ukuiyamba tsiku lomaliza, ndiponso ukuipereka pa nthawi yoti ikabwezedwa sungaikonze usanaweruke.

Palibe lamulo loti rekonsiliyeshoni idikire mwezi uthe. Pempha kuti Lachisanu lililonse azikutulutsira sitetimenti ya sabatayo. Mizere 300 pa mwezi ndiye kuti pafupifupi 75 pa sabata, ntchito ya ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Uzichonga umodziumodzi, ndipo zosagwirizana uzilemba papepala lapadera: macheke amene sanatapidwe, ndalama zimene mwasungitsa koma banki sinazionetse, ndi zimene banki yadula zomwe sizinalowe m'kashibuku. Mwezi ukatha udzangotsala ndi masiku ochepa omaliza ndi kapepala kako kaja.

Za 270 ija, ukanayamba waigawa ndi 9. Yankho ndi 30, popanda chotsala. Kusiyana kukamagawika ndi 9 chonchi, kawirikawiri pali nambala imene wina anaitembenuza polemba. Si nthawi zonse ayi, koma ndi poyambira pabwino kusiyana ndi kubwereza mizere yonse.

Tadala: Mayi, ndi momwemodi! 4,850 ndinalemba 4,580. Zinanditengera madzulo awiri kuti ndiipeze.

Kondwani: Koma ngati sakukulipira ovataimu ungonyamuka 4:30 ikakwana. Iwe si wolembedwa ntchito. Kwathu anatigwiritsa ntchito mpaka Loweruka popanda ngakhale zikomo.

Anaphiri: Akondwani, zimene anakuchitanizo si zabwino, koma mwanayu sakudandaula za malipiro. Abwana omwewo ndi amene adzasayine logibuku yake ndi kumulembera kalata. Akasiya mabuku asanagwirizane n'kutuluka osanena kanthu, sadzam'patsanso ntchito yophunzirapo.

Tadala, kodi abwana ako taimutebulo yako anaionapo? Osati kungowauza podutsana pakhonde. Uwapatse yolembedwa, yoonetsa masiku a kalasi ndi a mayeso, ndipo upite ndi choti usinthanitse. Unene kuti masiku a kalasi uzifika 7 koloko m'mawa, ntchito yofunika kuti aione uzipereka 2 koloko isanakwane, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu ukhoza kutsala pa nthawi yotseka mabuku. Zolakwa zikabwera 3 koloko, uli ndi ola ndi theka lozikonzera.

Thoko: Za 2 koloko zimatheka ngati abwanawo amaona ntchito ikangofika. Anga ankakhala m'misonkhano mpaka 4, ndiye kaya upereke m'mawa, imabwerabe mochedwa. Chinandithandiza ine n'kufunsa akandibwezera kuti, "Ikufunika lero, kapena ndiikonze mawa 8 koloko isanakwane?" Nthawi zambiri ankati mawa. Ndinadabwa kuti masiku onse aja ndinkatsala popanda wondiuza kuti nditsale.

Yamikani: Komanso muonane ndi alekichala panopa, musadikire kujomba kachisanu. Ena amalola kulowa kalasi ya Loweruka m'malo mwake mukabweretsa kalata ya kuntchito.

Tadala: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi abwana m'mawa uno. Za sitetimenti ya Lachisanu avomera, akuti ziwathandizanso iwo. Zofika 7 koloko akana chifukwa makiyi a ofesi sangandipatse. Tsopano vuto ndi ili: tsiku lotseka mabuku mwezi uno likugwa Lachitatu, tsiku lomwelo ndili ndi mayeso apakati pa temu, 5:30. Akuti tidzaona likayandikira.

Anaphiri: "Tidzaona" usamudalire. Pofika Lolemba la sabata imeneyo ukhale utachonga zonse mpaka Lachisanu lapitalo, ukawaonetse, kenako ufunse amene angalandire zotsalazo 4:30 ikakwana.

Thoko: Muli angati mu ofesimo? Chifukwa ngati muli awiri okha ndi abwanawo, wolandira palibe.

Tadala: Tilipo atatu, koma winayo akupita kutchuthi sabata yomweyo.