Kalata ya asisitala yandivuta, masiku akutha

Moni nonse a kuno ku Harare, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'zipatala.

Ndine wophunzira unamwino, ndili chaka chachitatu. Ndikufuna kupempha malo a maphunziro apadera ku chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo pakufunika kalata yondichitira umboni yochokera kwa asisitala oyang'anira wodi imene ndinagwirako.

Asisitala anga anandilembera, koma ndi mizere inayi yokha: ndimafika msanga, ndine waulemu, basi. Aphunzitsi athu atangoiona anaibweza, amvekere kalata yotereyi angalembere aliyense. Akufuna ionetse masiku amene ndinayamba ndi kumaliza pa wodipo, ntchito zimene ndinagwira ndi manja angawa, siginecha ndi chidindo.

Zoti alembe zilipo ndithu. Ndinakhala milungu isanu ndi itatu ku wodi ya amuna ochitidwa opaleshoni, ndipo usiku wina ndine ndinazindikira kuti bambo wina mtima ukugunda mofulumira, bipi ikutsika, bandeji yanyowa magazi, n'kuthamangira kukawaitana asisitalawo. Zimenezi m'kalatamo mulibe.

Ndapitako kawiri, ndapeza kuti ali patchuthi mpaka mwezi wamawa. Uthenga wa pafoni sanayankhe. Amene akugwirizira akuti sandidziwa bwino, ndipo sindikuwada, anandionapo kamodzi kokha. Mafomu akutsekera Lachisanu likudzali.

Ndiye ndithandizeni: kodi kalata ya ametroni kapena ya asisitala a wodi ina ingalandiridwe? Nanga n'zoyenera kuti ndilembe ndekha mfundozo kuchokera m'buku langa la ntchito, iwo angowerenga n'kusaina? Ndikuopa kuoneka wamwano.