Mwana wamwa LA, malungo atha, koma magazi akutsikabe ndipo kapamba watupa

Nesi wa pa helefi senta: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Kamwana ka zaka 3, makilo 12, kanabwera sabata yatha thupi likutentha, kaseti inaonetsa malungo, silaidi pulasi imodzi yokha, magazi 8.1. Tinapereka LA, mayi ake akuti anamaliza mapilisi onse 6. Lero abweranso, kutentha kulibe koma zikhatho zayera mbee, magazi 5.4, ndipo kumanzere pansi pa nthiti ndikukhudza kapamba, ngati zala zitatu. Agogo ake amutema kale mphini pamenepo. Tizilombo tinali tochepa chonchija, magaziwo apita kuti? Ndibwereze LA?

Wa ku labu: Musabwereze kaye asisita. Ndipo musayezenso ndi kaseti, imatha kuonetsa mizere iwiri kwa masabata angapo tizilombo titafa kale. Pangani silaidi ina. Komanso pulasi imodzi ija musaikhulupirire kwambiri, falisiparamu, kachilombo ka malungo, akakhwima selo ya magazi imene alimo imamata ndiye imakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono, ife pachala timangoona tating'ono timene tikuyendabe m'magazi.

Mnyamata wa intani: Sizija za atesuneti, jekeseni wa malungo aakulu uja, izi? Tinaphunzira kuti magazi amasweka pakapita masiku mwana atalandira mankhwala.

Kiliniko ofisala wamkulu: Achimwene zimenezo zilipodi koma zimakonda amene anali ndi tizilombo tambirimbiri nabayidwa atesuneti, ndipo zimaoneka kuyambira sabata imodzi mpaka atatu. Uyu wangomwa LA. Sindikanayambira kumeneko.

Asisita, funso lanu limavuta chifukwa timaganiza kuti maselo ofiira amene amafa ndi okhawo alowedwa ndi kachilombo. Amenewo amafadi, kachilombo kamalowa, kamadya himogulobini, pakatha maola 48 selo imaphulika nkutuluka tina tambiri, kawirikawiri 16 kapena kuposa, tokalowa m'maselo ena. Koma chimene chimamaliza magazi si chimenecho. Pa selo imodzi yokhala ndi kachilombo, thupi limataya ena pafupifupi 8 mpaka 10 amene alibe kachilombo nkomwe. Nthawi ya malungo ngakhale maselo abwinobwino amauma, sapindikanso bwino, ena amamatidwa ndi zinthu za chitetezo cha m'thupi, ndiye akafika ku kapamba amagwidwa.

Kapamba muzimuona ngati sefa. Selo yofiira ndi yaikulu kuposa timipata ta m'menemo kangapo, imadutsa pokhapokha itapindika. Youma sidutsa, imadyedwa pompo. Ntchito ikachuluka maselo odya anzawo amachulukana, maselo a chitetezo nawonso, magazi amadzazana mkatimo, ndi kutupa mukukukhudzako. Ndiye akatupa amagwiranso maselo ochuluka kuposa kale, ndipo sasiya tsiku limene mwana wamaliza LA ayi, amapitiriza. Nchifukwa chake magazi amatsikitsitsa patapita masiku mankhwala atayambika, mayi nkumadabwa kuti mwana wachira koma akuyererayerera.

Nesi wa pa helefi senta: Eee ndiye kuti mankhwala anagwira koma kapamba akusesabe? Nanga thupi bwanji silikubwezera msanga, mwana akudya ndithu phala

Kiliniko ofisala wamkulu: M'mafupa momwe magazi amapangidwa namonso malungo amafooketsa. Komanso pa nthawi ya matenda chiwindi chimatulutsa hepisidini amene amatsekera ayironi, m'matumbo salowa bwino, amene ali m'thupi satuluka kukagwira ntchito. Ndiye kutaya kwachuluka, kupanga kwachepa. Ndipo taonani, mwanayu anabwera ali kale pa 8.1, ameneyu si malungo ake oyamba chaka chino, mufunse mayi kapena muone m'buku lake la kuchipatala.

Mlangizi wa zaumoyo: Ine kwathu kuno kunyanja kuli bambo wina kapamba wake wafika mpaka pa mchombo, zaka ndithu, iye akuti anamulodza. Ndiye ndimuuze azimwa LA?

Kiliniko ofisala wamkulu: Imeneyo ndi nkhani ina madala. Alipo akuluakulu amene kapamba amakula kwambiri chifukwa chitetezo chawo chimalimbana mopyola muyeso ndi malungo obwerezabwereza, amenewo amafuna mankhwala oteteza kwa miyezi yambiri osati LA wa masiku atatu. Koma kunyanja likodzo la m'matumbo limatupitsanso kapamba, ndiye pali matenda a chiwindi ndi khansa ya m'magazi. Mutumizeni ku chipatala cha boma akamuone bwinobwino. Tibwerere kwa mwana.

Sisita wa ku wodi ya ana: Ine manambala a labu ndimawaona pambuyo, ndiyambe ndafunsa, akupuma bwanji? Muvuleni malaya muwerenge mpweya kwa mphindi yathunthu. Akupuma mozama ngati wathamanga, nthiti zikulowa, mphuno zikuphaphatika? Akutha kukhala yekha, akumwa? Mkodzo ndi wotani, wakuda ngati kokakola? Maso achikasu? Ife kuno pansi pa 4 timaika magazi osafunsa, pakati pa 4 ndi 6 timaika ngati pali zizindikiro zimenezi. Wa makilo 12 ndi 240 ml magazi athunthu, 20 pa kilo, kapena 120 ml akakhala opakidwa aja. Inu kumeneko mulibe magazi ndiye musadikire afike pa 4 usiku ambulansi ilibe mafuta.

Kapambayo musamufinye, ndaonapo ma intani akukanya ngati akufuna atuluke. Wotupa ndi malungo amakhala wofewa, atha kung'ambika. Yambirani kumunsi kumanja kwa mimba muzikwera pang'onopang'ono kupita kumanzere, mwana akamakoka mpweya nsonga imadzakugundani yokha. Muyeze ndi tepi kuchokera pa nthiti mulembe masentimita, zala zanu ndi zanga sizofanana, wobwera mawa adziwe ngati akukula.

Nesi wa pa helefi senta: Ndayeza, masentimita 4. Mpweya 34, nthiti sizikulowa, akumwa, wakhala pamwendo pa mayi ake akulimbana ndi foni yanga. Mkodzo wabwinobwino. M'buku muli malungo kawiri miyezi inayi yapitayi. Silaidi alabu athu akuti palibe kanthu.

Wa ku labu: Ndiye LA asiyeni. Koma ine pulizi muyezeni siko selo, matenda a magazi obadwa nawo aja. Mwana wa zaka 3, magazi kugwa msanga, kapamba kutupa, nthawi zina ndi magazi akuunjikana mu kapamba chifukwa cha siko, ndipo zimenezo zimapha m'maola ochepa. Funsani ngati anatupapo manja ndi mapazi ali khanda, kapena ngati kubanjako kuli wina woikidwaikidwa magazi.

Mnyamata wa intani: Nanga ferasi, mankhwala a ayironi aja, tiyambe lero? Poti bwana anena kuti ayironi watsekeredwa, si kungotaya mankhwala?

Sisita wa ku wodi ya ana: Malungo athandizidwa kale, silaidi ilibe kanthu, ine ndimayambitsa ndipo amwe miyezi itatu, ndi mankhwala a njoka zam'mimba ngati sanalandire posachedwa, ndi neti. Ukati adzabwere sabata ya mawa kudzatenga ferasi ambiri sabweranso.

Kiliniko ofisala wamkulu: Pamenepo timasiyana pang'ono asisita, ine ndikanadikira zotsatira za siko kaye, akapezeka nayo ferasi sitimangopereka chisawawa. Koma zotumiza ndikugwirizana nanu, 5.4 ndi kutsika kumeneku apite lero. Akagonekedwa nkuikidwa magazi mufunse kumeneko za mankhwala oteteza malungo akatuluka, bungwe la zaumoyo padziko lonse linavomereza zimenezi mu 2022 chifukwa ana otere amadwalanso kwambiri miyezi yoyambirira akabwerera kunyumba.

Nesi wa pa helefi senta: Mayi akuti manja sanatupepo, koma mchimwene wake wa mwanayu anaikidwapo magazi kawiri, sakudziwa chifukwa chake. Ndalemba zonse pa kalata, 8.1, 5.4, masentimita 4, ndapemphanso ayeze siko. Ambulansi akuti ili ku senta ina ikatenga wapakati kenako idzera kuno, ferasi sindinapereke akaone okha kumeneko