Thandizeni: kankhani ka naiti ka ophunzira unamwino

Mphunzitsi wa ku Katoto: Anzanga a zaumoyo, ndimaphunzitsa unamwino kuno ku Mzuzu. Ndalemba kankhani koti a chaka chachiwiri akambirane m'kalasi, koma mathero akundivuta.

Ndi mu Julaye, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Wophunzira ali pa naiti ku wodi ya ana, nesi ndi mmodzi yekha. Cha m'ma 2 koloko, mayi wina akumukoka yunifolomu, akuti mwana wake wodwala chibayo sanalandire jakisoni wa 12 koloko. Mufayilo, ekisipeni wa nthawiyo wasainidwa. Koma kanyula ili pachitenje, ndipo mayiyo akuti inazuka madzulo. Nesi wagona pampando atafunda bulangete. Anagwiranso masana, komanso ndi iyeyo adzasaine buku la wophunzirayo.

Ndisiyire pomwepa, kapena ndilembe zimene anachita?

Nesi wopuma: Aphunzitsi, pamenepa ana onse adzangoti "amudzutse", kalasi yatha. Mwawauziratu yankho ndi kanyula yozukayo. Ibwezereni pamkono, ikhale yabwinobwino. Mayiyo akhale kuti anapita kuchimbudzi kwa kanthawi. Tsopano wophunzira sakudziwa amene akunena zoona.

Mankhwalanso sinthani, akhale jentamaisini. Ekisipeni amabwera maola 6 aliwonse, ena adzati tidikire wa 6 koloko. Jentamaisini ndi kamodzi patsiku. Akaphonya, mwana watha tsiku lonse opanda mankhwalawo. Akabwereza, akuika impso ndi makutu ake pachiswe. Apo ndiye adzatuluka thukuta.

Wa ku Chibavi: Palibe chovuta apa. Zosalembedwa ndiye kuti sizinachitike, zolembedwa zinachitika. Fayilo yasainidwa, basi.

Nesi wopuma: Theka loyambalo timaphunzitsadi, achimwene. Lachiwirilo mwawonjezera nokha. Siginecha siibaya mwana.

Mayi wa atatu: Ine zinandichitikira ndikudikirira mwana wanga. Nditafunsa anandiyankha kuti "mayi, mukufuna mutiphunzitse ntchito?" Ndinangokhala chete mpaka kucha. M'nkhani yanuyo mayiyo alankhuleko, asangokhala wokoka malaya. Mwinanso alankhule Chitumbuka, wophunzirayo akhale wa ku Mulanje.

Wophunzira chaka chachitatu: Pepani aphunzitsi, ife sitiloledwa kupereka mankhwala popanda wotiyang'anira, ndiye zobwereza jakisoni sizingatheke. Chimene chimatiopsa ndi china. Ukamudzutsa nesiyo, iye n'kunena kuti "ndinapereka", m'mawa polandirana lipoti unene kapena usanene? Pali sisita wamkulu pomwepo, buku lako lili m'manja mwa nesi yemweyo.

Mphunzitsi wa ku Katoto: Zikomo nonse. Kanyula ndiibwezera, jentamaisini ndatenga. Nkhani ithera pa lipoti la m'mawa, sisita atafunsa kuti "usiku kunali bwanji?" Chitumbukacho ndikukayika, mwina ana adzathera nthawi pa chilankhulo n'kuiwala jakisoni.

Mayi wa atatu: Nanga usiku umenewo ineyo ndinkalankhula chiyani?