Thandizeni: kodi makolo a ziyankhulo za Chibantu ankati "mafuta" kapena "makuta"?

Nangozo: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo atipatsa ntchito yoti tiyerekeze mawu a ziyankhulo zingapo za Chibantu, kenaka tinene mmene mawuwo ankamvekera m'chiyankhulo chimene chinabala zonsezi. Mawu ena sanandivute. "Kukula" m'Chiswahili ndi kukua, m'Chishona kukura, m'Chizulu ukukhula, m'Chikikuyu gũkũra. Ponseponse tsinde likuyamba ndi k, ndiye ndalemba k. Pandiimitsa mutu ndi apa:

Chichewa mafuta, Chiswahili mafuta, Chishona mafuta, Chizulu amafutha, Chikikuyu maguta.
Chichewa kufa, Chiswahili kufa, Chishona kufa, Chizulu ukufa, Chikikuyu gũkua.

Ine ndinalemba f chifukwa ziyankhulo zinayi zikugwirizana, chosiyana n'chimodzi chokha. Koma m'buku limene ndabwereka ku laibulale alemba *-kútà ndi *-kú-. K ameneyu akuchokera kuti? Ndipo ngati kalelo anali k, bwanji ife sitinena "kufula" m'malo mwa "kukula"? Sindikufuna kungokopera, ndikufuna ndidzathe kuyankha akadzandifunsa.

Bambo a Tadala: Mayi, musadzivute. Lamulo lake ndi loti wambiri ndiye wapambana. Zinayi kwa chimodzi, f yemweyo. Buku nalo amalemba ndi munthu.

Aphunzitsi Opuma: A Tadala, lamulo limenelo limathandiza poyambira, koma ichi si chisankho cha aphungu ayi. Ziyankhulo zinayi zoyandikana zitha kusintha mofanana, pomwe chimodzi chakutali chasunga zakale. Chimene timafunsa n'chakuti: tikayamba ndi liwu ili, kodi tingafotokoze mawu a chiyankhulo chilichonse ndi lamulo logwira paliponse, popanda kumapatula mawu amodziamodzi?

Tiyeni tiyese f wanuyo. Tinene kuti makolo ankati fu, ndipo Chikikuyu ndicho chinasintha. Tsono onani mawu atatu awa. "Kufa" kwa Chiswahili, Akikuyu amati gũkua, ndiye kuti fu wasanduka ku. Chiswahili chili ndi kufuma, kutanthauza kuluka, Akikuyu amati gũtuma, ndiye kuti fu wasanduka tu. Kanyama kofukula pansi kaja, ife timati mfuko, Aswahili fuko, Akikuyu huko, ndiye kuti fu wasanduka hu. Fu mmodzi yemweyo wagawika patatu, ndipo m'mawumo mulibe chotiuza chifukwa chake apa wapita ku k, apo ku t, apo ku h. Lamulo lotero silingalembeke.

Tembenuzani. Nenani kuti kalelo kunali ku, tu ndi pu, atatu osiyana. Chikikuyu chinawasunga osiyana (p wake amasanduka h pena paliponse, "kupatsa" amati kũhe). Chiswahili chinawaphatikiza onse kukhala fu. Lamulo limodzi lakwanira. Maliwu osiyana kugwera pamodzi zimachitika kawirikawiri, koma liwu limodzi kugawika popanda choligawa sizichitika.

Nangozo: Zikomo aphunzitsi, apo ndamva. Koma funso lachiwiri lija likadalipo. Ngati ku anasanduka fu, "kukula", "nkhuni" ndi "khumi" anapulumuka bwanji?

Aphunzitsi Opuma: Yang'anitsitsani kalembedwe ka Chikikuyu m'ndandanda wanu womwewo. Mu gũkũra, u wa m'tsinde ali ndi kamzere kokhota pamwamba. Mu gũkua ndi maguta, u wa m'tsinde alibe. Amenewo ndi mavawelo awiri osiyana. Chikikuyu chili ndi mavawelo asanu ndi awiri: a, e, i, ĩ, o, u, ũ. Ife tili nawo asanu. U wopanda kamzere amatchulidwa lilime litakwera kwambiri, milomo itasongoka. Wa kamzere ndi womasukirapo, kwa khutu lathu amamveka pakati pa u ndi o.

Tsono ikani mizere iwiri. Pamene Chikikuyu chili ndi kũ, ife tili ndi ku: gũkũra ndi kukula, ikũmi ndi khumi. Pamene chili ndi ku wothina uja, ife tili ndi fu kapena f: gũkua ndi kufa, maguta ndi mafuta, nguru ndi fulu, kamba uja. Awiri okoma kwambiri ndi awa: gũtũma ndi "kutuma" kwathu komanso kwa Chiswahili, pomwe gũtuma ndi kufuma kwa Chiswahili kuja. M'Chikikuyu mawu awiriwa amasiyana pa vawelo pokha. M'Chiswahili amasiyana pa konsonanti pokha.

Chinachitika n'chakuti makolo anali ndi mavawelo asanu ndi awiri. Munthu akamatchula k n'kutsatiza u wothinayo, mpweya umatuluka mokhula pa milomo, ndiye pang'ono ndi pang'ono k anayamba kumveka ngati kf kapena pf, mapeto ake f. Kusinthaku kutatha, ma-u awiri aja anagwera pamodzi n'kukhala u mmodzi amene tili nayeyu. Vawelo imene inayambitsa zonsezi inasowa, koma inasiya chipsera pa konsonanti. Ndipo dongosolo lake likuoneka: k anayamba wasintha, mavawelo n'kuphatikizana pambuyo. Zikanayamba ndi mavawelo, bwenzi lero tikunenadi "kufula" ndi "fumi".

Buku lanulo likalemba *-kútà ndi *-kʊ́d-, likusiyanitsa ma-u awiriwo. Mabuku akale amalemba mwina. Carl Meinhof, amene anayamba ntchitoyi pa Chibantu m'buku lake la 1899, ankaika kadenga pamwamba pa mavawelo othinawo, pomwe Malcolm Guthrie m'mabuku ake anayi a pakati pa 1967 ndi 1971 ankaika kambedza kunsi. Muyambe mwaona kaye kalembedwe ka buku lanu, chifukwa u wamba wa Guthrie ndi womasuka uja, pomwe m'zolemba zatsopano u wamba ndi wothina.

Mnyamata wa ku Phalombe: Ine sukulu ya zimenezi sindinapite, koma agogo anga amayankhula Chilomwe ndipo mafuta amati makhura, kufa amati okhwa. Nanga si k yemweyo? Komano r wa makhura akuchokera kuti?

Aphunzitsi Opuma: Achimwene, mwabweretsa mboni yabwino kuposa zonse zili pa ndandanda uja. Chilomwe ndi Chikikuyu zili kutali kwambiri, Akikuyu ali pakati pa dziko la Kenya, ndiye n'zovuta kuti wina anatengera mnzake. Onse awiri akakhala ndi k pamalo amodzimodzi, chapafupi n'chakuti onse anamulandira kwa makolo. Chitswana nacho fulu chimati khudu.

R uja ndi lamulo lina. M'Chilomwe t wakale anasanduka r: ife -tatu, iwo -raru, ife kutuma, iwo oruma. Chitswana ndi Chisutu zinachitanso chimodzimodzi: -raro, roma, mafura. Ndiye makhura ndi mafuta ndi mawu amodzi enieni, ngakhale konsonanti iliyonse ya m'tsinde ikusiyana. Chilomwe chinasunga k n'kusintha t, ife tinasintha k n'kusunga t.

Nangozo: Nanga g wa mu maguta? Ndimayembekezera "makuta".

Aphunzitsi Opuma: Limenelo amalitcha lamulo la Dahl. M'Chikikuyu k amasanduka g ngati phatikizo lotsatira likuyamba ndi k, t, c kapena th. N'chifukwa chake pa ndandanda wanu mukuona gũkũra ndi gũtũma ndi gũ- kumayambiriro, koma kũhe ndi kũ-. Mulilembe padera, apo ayi maguta adzaoneka ngati akuswa lamulo la k.

Mlaliki Wamng'ono: Zimene mukunenazi zikungotsimikiza zimene ndakhala ndikunena, kuti Chichewa chinachokera ku Chiswahili. Taonani mafuta, kufa, tatu, ng'ombe, zonse n'zofanana.

Mayi wa ku Joni: Abusa, inu mwasochera, nkhani si imeneyo. Nanga mvula, njala, makala, Aswahili amati mvua, njaa, makaa. Tikanachokera kwa iwo, l tikanamutola kuti? Koma poti mwatchula ng'ombe, ine ndifunse langa. Kuno amati inkomo, Atswana kgomo. Ameneyu ndi ng'ombe yemweyo, eti aphunzitsi? Zikumveka pafupi kwambiri.

Aphunzitsi Opuma: Pa l mwalasa, mayi. Chiswahili chenichenicho chimadziulula: kukaa ndi kukhala, koma "kukhalira" amati kukalia, l uja wabwerera. Awa ndi apachibale, palibe anabala mnzake.

Za inkomo, khutu likukunamizani. Yesani ndi mawu amene tikuwadziwa bwino. Mb wathu m'Chizulu amakhalabe mb, m'Chitswana amasanduka p: kuumba, ukubumba, go bopa, mbuzi, imbuzi, podi. Ndiye ng'ombe akanakhala mawu omwewo, Chizulu chikanatha ndi -mbe ndipo Chitswana ndi -pe. Onse awiri akutha ndi -mo. Kumayambiriro nakonso sikukugwirizana. Choncho sangaikidwe mzere umodzi monga tinaikira makhura ndi mafuta. Mwina pali ubale wina wakale wobwerekana, poti mayina a ziweto amayenda ndi ziwetozo, ndipo akatswiri ena amaloza ku ziyankhulo za Akhoe za kum'mwera. Koma imeneyo ndi nkhani imene amatsutsanabe.

Mayeso omwewa amagwira mawu obwereka. Ife timati tebulo, Atswana ndi Asutu tafole. Akanakhala mawu a makolo, t wathu akanakumana ndi r wawo. Wakumana ndi t, chifukwa onse ndi alendo, lathu la ku Chingerezi, lawo la ku Chibunu, ndipo linafika t atasintha kale.

Bambo a Tadala: Chabwino, f ndamusiya. Koma ine chimandikayikitsa n'chakuti palibe anajambula mawu a anthu amenewo. Tikudziwa bwanji kuti ankatchuladi choncho? Mwina n'zongopeka za azungu.

Aphunzitsi Opuma: Kanyenyezi kali kumayambiriro kwa *-kútà kakunena zomwezo, kuti mawuwa sanalembedwe paliponse, tawapeza powerengera. Chimene tili nacho chitsimikizo n'chakuti panali maliwu awiri osiyana, chifukwa ana ake akusiyana mwadongosolo m'mawu ambirimbiri. Katchulidwe kenikeni ndiye pamakhala mkangano. Liwu la mu *-kʊ́d- ena amalemba d, ena l, ndipo onse akuvomereza kuti ndi liwu limodzi lomwe kwathu linabala l wa kukula ndi r wa kulira. Ndiponso chinthu chimene ziyankhulo zonse zinataya sitingachibwezeretse. Zikanakhala kuti zatsala ndi Chichewa, Chiswahili, Chishona ndi Chizulu zokha, bwenzi a Nangozo atalemba f ndipo palibe akanawatsutsa.

Nangozo: Ndakonza ndandanda wanga, ndaikamo makhura ndi khudu. Koma ndapeza lina londivuta. Wosula zitsulo Akikuyu amati mũturi, tu wothina uja, Aswahili kusula amati kufua, Abemba ukufula. Ife bwanji timati kusula, ndi s, osati f?

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo musathamangire lamulo ndi mawu amodzi. Sakani mawu ena osachepera asanu amene bukulo likuyamba ndi *tu wothina, muone Chichewa chikupereka chiyani. Fungwe akhale woyamba, Aswahili amati fungo, ndipo iye wapereka f. Ngati ambiri apereka f, kusula kufunika kufotokozedwa pakokha, mwina kunalowa kuchokera kwa anansi monga amachitira mawu a ntchito zaluso. Ngati s achuluka, wofunika kufotokozedwa ndi fungwe.

Mnyamata wa ku Phalombe: Loweruka ndikupita kumudzi. Munditumizire mawuwo ku inibokosi, ndikafunse agogo mmene amanenera m'Chilomwe.